Mng'alu Umene a Essilfie Anaulemba m'Kalata

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mlandu umapambanidwa m'khoti, pamene loya wavala mkanjo wakuda n'kumaloza mboni ndi chala. Amene amaganiza choncho sanakhalepo mu ofesi ya maloya m'mawa wa Lachiwiri. Milandu yambiri imachira kapena kufa kudakali miyezi kuti woweruza aimve, pa tebulo la munthu amene dzina lake silitchulidwa n'komwe m'chigamulo. Mmodzi wa anthu otere mumzinda wa Sekondi anali a Kobina Essilfie.

A Essilfie anagwira ukalaliki zaka makumi atatu ndi chimodzi mu ofesi ya a Amissah, pamwamba pa sitolo ya nsalu mumsewu wotsikira kumsika. Sukulu sanapite nayo patali. Bambo awo, omwe ankagwira ntchito ya njanji, atamwalira, mayi awo anawapereka kwa mphunzitsi wina wa taipi, ndipo luso la zala zawo ndi limene linawalowetsa mu ofesiyo ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anatumikira Loya Amissah wamkulu mpaka imfa yake, kenako mwana wake wamkazi, Loya Ewurabena Amissah, amene iwo anamuonapo akukwawa pansi pa matebulo omwewo. A Essilfie anali munthu wowonda, wa malaya oyera a manja aafupi, wosakonda kukweza mawu. Nkhomaliro yawo inali imodzimodzi chaka chonse: kenkey (nsima ya ufa wosasitsa yokulunga m'makoko a chimanga), nsomba yokazinga ndi tsabola, atakhala pawindo.

Pa ntchito zonse za mu ofesimo, imene ankaidziwa kuposa wina aliyense inali kulemba kalata ya malangizo kwa katswiri. Mlandu ukafuna maso a munthu wodziwa, kaya woyeza malo, woika mtengo pa nyumba kapena injiniya, loya amamulembera kalata yomufotokozera nkhani, kumupatsa mapepala ndi kumufunsa mafunso oti ayankhe mu lipoti lake. Katswiriyo amalipidwa ndi mbali imodzi, koma akaima m'khoti amatumikira woweruza. Amayankha zimene wafunsidwa, molingana ndi zimene wauzidwa ndi zimene waona. Choncho funso likakhala lopotoka, kapena nkhani ikakhala yodulidwa mchira, lipoti lonse limapotoka nalo. A Essilfie ndiwo ankayala makalata amenewa, loya n'kuwakonza ndi kusaina. Ophunzira zamalamulo amene ankabwera kudzazolowera ntchito ankawaseka kuti amathera tsiku lonse pa tsamba limodzi. Iwo ankangowabwezera makalata awo atadzaza ndi inki yofiira.

Chaka chimene tikunenachi, kalata yotere inawagwera pa nyumba ya kwawo kwenikweni.

Nyumbayo inali ku Ketan. Anaimanga mayi awo, a Aba, ndi phindu la nsomba zowamba, ndipo pomwalira anaisiyira mwana wawo woyamba, a Kukua, amene anali wamkulu kwa a Essilfie ndi zaka zisanu ndi zitatu. A Kukua anali mayi wamasiye, wamphamvu ndi wa pakamwa pakuthwa. Ankagona m'zipinda ziwiri zakumbuyo, ndipo pakhonde la kumbuyoko ankaphika kenkey wogulitsa. M'mwezi wa Juni, mvula ili pakati, mnansi wawo a Tandoh anayamba kumanga nyumba yogona alendo ya nsanjika zinayi. Anakumba dzenje la maziko lakuya mamita atatu, kutalikirana ndi khoma la a Kukua ngati mkono umodzi, osaika chotchinjiriza dothi. Pasanathe milungu itatu, makoma akumbuyo anang'aluka, chitseko chinaleka kutsekeka, ndipo a Kukua anasamutsira mphasa ndi mapoto awo m'chipinda chochezera.

Loya Amissah anakasuma kukhoti lalikulu m'dzina la a Kukua. Yankho la a Tandoh linali lalifupi: nyumbayo ndi yakale, inali yong'aluka kale, dzenje lawo lilibe mlandu. Funso lotere silitha ndi kulumbira kwa eni ake, pakuti aliyense alumbira zomukomera. Khoti linapereka miyezi itatu kuti mbali iliyonse ipereke umboni wake, kuphatikizapo lipoti la katswiri. Loya anasankha injiniya wa zomangamanga wa ku Takoradi, mayi Dzifa Agbenyega, ndipo anauza a Essilfie kuti ayale kalata. Zonse zinali poyera: a Kukua akaluza, zipinda zawo zikanagwetsedwa, ndipo pa msinkhu wawo sakanatha kuzimanganso ndi kenkey.

Sabata yomweyo amalume awo, a Ato, mlongo wa mayi awo, anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi. Thupi linasungidwa kumochale ndipo banja linaika maliro patatha milungu isanu. Maliro onse a mbumba imeneyo ankachitikira pa nyumba ya ku Ketan, ndipo nyumba ya maliro siilandira anthu isanamatidwe ndi kupakidwa penti. Palibe amene anakambirana zimenezi, monga mmene anthu sakambirana ngati pamaliro padzakhale mipando.

A Essilfie atafika Loweruka m'mawa anapeza matumba a simenti pabwalo, ndi mmisiri ali pa makwerero kukhoma la kutsogolo. Ming'alu iwiri inali itatsekedwa kale, pulasitala wake akadali wonyowa.

"Bambo, tsikani kaye," anatero a Essilfie. "Ikani chipande chanucho pansi."

A Kukua anatuluka akupukuta manja pa nsalu. "Wabwera kudzathandiza kapena kudzaimitsa anthu ntchito? Mmisiri, pitirizani. Uyu ndi kalaliki, sadziwa kuti simenti imauma."

"Achemwali, ming'alu imeneyi ndiye mboni zanu. Mukuikwirira injiniya asanaione."

"Mboni? Ndiye amalume agone m'nyumba yong'aluka ngati khola la mbuzi? Anthu achokera ku Accra, ena ku Abidjan, adzaone chiyani? Adzati ana a Aba analephera thumba la simenti."

"Adzanena masiku atatu n'kupita kwawo. Inu mudzatsala ndi nyumba yogwa."

"Tamumvani. Munthu amene ndinamubereka kumsana, lero akundiphunzitsa za nyumba."

Mmisiri anali atatsika kale, akuyembekeza kuti aone wopambana. Pofuna kusonyeza kuti iye ndi wozolowera pakhomopo, analoza khoma la khitchini nati, "Nanga uja wa pazenera, mayi? Uja ndiye timaumata maliro alionse. Ndinaumata pa maliro a mayi anu, ndinaumatanso pa maliro a bambo a kunyumba kuno."

A Kukua anamuyang'ana mpaka mwamunayo anayamba kufunafuna chinthu m'thumba lake la zida. A Essilfie sanafunikire kuuzidwa. Mng'alu umenewo ankaudziwa kuyambira ali mnyamata. Unkachokera pakona ya zenera la khitchini kukwera mpaka kudenga, ndipo unkabweranso pakapita zaka ziwiri kapena zitatu chiumatireni. Khitchiniyo inali mbali yomweyo ya dzenje la a Tandoh. M'maganizo mwawo anali asanaulumikize ndi mlanduwo, chifukwa chinthu chimene munthu wachiona moyo wake wonse amasiya kuchiona.

Mlongo wawo anawakokera pambali. "Kobina, tamvera. Kalata ija ukulemba ndiwe, si choncho? Za zenerali usalembe. Loya sakudziwa, mayi wa ku Takoradiyo sakudziwa. Aone ming'alu yonse pamodzi, anene kuti ndi dzenje, basi."

"Ndi a Tandoh omwe sakudziwa?"

"Tandoh amadziwa chiyani kupatula ndalama zake? Iwe ndiwe wa m'nyumba muno. Zaka zonsezi wakhala ukulembera alendo makalata abwino. Lero lembera mlongo wako."

A Essilfie anangopempha kuti mmisiri apake penti mpanda ndi mbali ya kumsewu, koma asakhudze mng'alu wina uliwonse. A Kukua anavomera monyinyirika, poganiza kuti nawonso apatsidwa chimene apempha.

Lolemba loya anali kukhoti tsiku lonse, ndipo a Essilfie anakhala okha ndi kompyuta. Tisawanamizire ungwiro umene analibe. Kalata yoyamba imene analemba inali ya mlongo wawo. Inafotokoza za dzenje, za mvula ndi za chitseko chosatsekeka, koma za zenera la khitchini inalibe mawu, za ming'alu iwiri yomatidwa Loweruka inalibenso. Funso lake linali limodzi: injiniya atsimikize kuti ming'alu ya nyumbayo inadza chifukwa cha kukumba kwa a Tandoh. Munalibe bodza ngakhale limodzi m'kalatamo, ndipo n'chifukwa chake inali yoopsa. Loya akanaisaina mosakayika, pakuti kalata ya a Essilfie inali isanamugwetsepo.

Anaisindikiza n'kuiwerenga monga ankachitira ndi makalata a ena, akudziyesa loya wa mbali inayo. Sanafike patali. Funsolo linali litanyamula yankho lake, ndipo injiniya wodzilemekeza akanalibweza kapena kuliyankha mokwiya. Choposa apo, a Tandoh anali mnansi. Anakhalapo pa maliro onse a pakhomopo, pa mpando wa kutsogolo, moyang'anana ndi khoma lomwelo. Maliro alionse anali ndi wojambula zithunzi ndi kanema, ndipo zithunzizo zinali m'nyumba za anthu theka la Ketan. Chinsinsi chimene a Kukua ankafuna kusunga chinali chopachikidwa pa makoma a eni ake.

Komabe sanaing'ambe msanga. Anadya nkhomaliro yawo pawindo, kalatayo ili pa tebulo. Ankadziwa kuti kulemba zoona kukanatha kuluzitsa mlanduwo ndithu, pakuti injiniya akanatha kunena kuti nyumbayo inali ikutitimira kale. Panalibe chowatsimikizira kuti chilungamo chidzawalipira. Chimene ankadziwa n'chakuti katswiri wonamizidwa akagwidwa m'khoti, amagwa ndi zonse zimene wanena, zoona zomwe.

Loya atabwera cha m'ma folo koloko, a Essilfie anamupatsa kalatayo nati, "Iyi musasaine, Loya. Ndikufuna muione kaye, kenako ndikuuzeni zimene mulibe."

Loya Amissah anamvetsera mpaka kumapeto. "Bambo Essilfie, ndikanayenera kuganiza kuti nyumbayi ndi ya kwanu ndisanakupatseni ntchitoyi. Kulakwa ndi kwanga. Yalani ina, koma mawu alionse ndiwaona ndekha. Ndipo aitaneni mayi abwere mawa. Mlanduwu ndi wawo, ayenera kumva kwa ine."

A Kukua anabwera atavala nsalu yakuda ya maliro, nakhala osayang'ana mlongo wawo. Loya anawawerengera kalata yatsopano pang'onopang'ono, akumasulira pamene panafunika. Inayamba ndi mayina a mbali ziwiri ndi nambala ya mlandu, n'kupempha injiniya kuti anene msanga ngati anagwirapo ntchito ndi a Tandoh kapena ndi banja la a Kukua. Inasiyanitsa zimene mbali zonse zikuvomereza, monga tsiku limene dzenje linakumbidwa, ndi zimene zikukanganirana. Kenako panali ndime yachisanu ndi chimodzi:

"Mudziwe kuti pakhoma la khitchini pali mng'alu umene unalipo kukumba kusanayambe. Banja lakhala likuumata ndi kupaka nyumba yonse penti pokonzekera maliro. Tamata m'kalatayi mndandanda wa maliro anayi, chaka chake ndi mtundu wa penti amene anapakidwa, pamodzi ndi zithunzi za maliro amenewo zoonetsa makoma. Mudziwenso kuti Loweruka lapitali mmisiri anatseka ming'alu iwiri ya khoma la kutsogolo tisanamuletse."

Mafunso anali anayi. Kodi mng'alu uliwonse uli pati, ndi wotani, ndipo ukukulabe? Kodi n'zotheka kudziwa umene unalipo Juni asanafike ndi umene unadza pambuyo pake? Kodi chinayambitsa uliwonse n'chiyani, poganizira zifukwa zonse zimene zingakhalepo, osati kukumba kokha? Kodi pangafunike ntchito yotani kuti nyumbayo ikhalenso yotetezeka? Kalatayo inanena tsiku limene lipoti likufunika, inanena kuti loya wa a Tandoh wadziwitsidwa za tsiku loyendera ndipo wapemphedwa kulola injiniya kuona dzenjelo. Inamaliza ndi kukumbutsa injiniya kuti udindo wake ndi kukhoti, kuti malipiro ake sadalira zotsatira za mlandu, ndi kuti pamene sangathe kudziwa anene kuti sangathe.

"Mwamaliza?" anafunsa a Kukua. "Ndiye ine ndikulipira mayi ameneyu kuti akafufuze zifukwa zina? Mwana wanga, bambo ako sankagwira ntchito chonchi."

"Ankagwira chonchi, mayi, ndipo amene ankawalembera ndi awa," anayankha loya. "Ine sindingatumize katswiri kukhoti nditamubisira chinthu chimene ndikuchidziwa. Mukakana, ndi ufulu wanu kupeza loya wina, ndipo mapepala anu ndikupatsani lero. Koma funsani kaye: pa maliro a amuna anu, a Tandoh anakhala pati?"

A Kukua anatembenukira kwa mlongo wawo koyamba. "Mitundu ya penti wakumbukira ndiwe?"

"Wachikasu pa maliro a amayi, wobiriwira pa a alamu, woyera pa a msuweni wathu Ekow, wabuluu pa a azakhali."

"Wa azakhali unali wotuwa. Wabuluu tinangopaka zitseko. Ngati ukundigulitsa, undigulitse molondola." Anaimirira n'kumanga nsalu yawo. "Tumizani. Nyumba ikagwa ndidzabwera kudzagona pa tebulo lakeli."

A Essilfie anakonza mtundu wa pentiwo, loya anasaina, ndipo kalata inapita tsiku lomwelo.

Mayi Agbenyega anafika patatha masiku asanu ndi atatu, atavala nsapato zolimba, kalata ili m'manja. Loya wa a Tandoh anatumiza injiniya wawo kuti adzaonerere. Mayiyo analemba nambala pa mng'alu uliwonse ndi choko, anauyeza m'lifupi pamwamba ndi pansi, naujambula. Pazenera la khitchini anapala pang'ono ndi kampeni, ndipo mkati mwa mng'aluwo munaoneka simenti yakale ndi penti wa mitundu itatu atalowerera. Ming'alu itatu ya zipinda zakumbuyo inali ina: yopendekeka, yotsata mizere ya njerwa kutsikira kukona yoyandikana ndi dzenje, m'mphepete mwake mwakuthwa ndi moyera, itadula penti wotuwa osalowamo ngakhale dontho. Anakumbitsa kadzenje pafupi ndi konayo kuti aone maziko, anatsikira m'dzenje la a Tandoh, ndipo pomaliza anamata tizidutswa ta pulasitiki ta mizere yoyezera modutsa ming'aluyo, kuti azibwera kudzawerenga milungu iwiri iliyonse.

"Izi zisakhudzidwe," anauza a Kukua.

"Ngakhale pa maliro?"

"Makamaka pa maliro, mayi."

Choncho amalume Ato anagonekedwa m'nyumba yong'aluka. A Kukua anakuta makoma akumbuyo ndi nsalu zofiira ndi zakuda kuchokera kudenga mpaka pansi, koma mphepo ya kunyanja inkazikweza, ndipo alendo anaona manambala a choko. Ananena miseche, monga mwini nyumba ananeneratu. Pa masiku atatu onsewo a Kukua sanalankhule ndi mlongo wawo, ndipo mbale ya chakudya ya a Essilfie inkawapeza kudzera mwa anthu ena.

Lipoti linabwera m'nthawi yake, kalata ya malangizo itamatidwa kumapeto. Silinapatse a Kukua zonse. Linati mng'alu wa khitchini ndi wakale, unadza chifukwa chakuti pamwamba pa zenera panalibe mtanda wolimba, ndipo sunasunthe pa milungu yonse yoyeza. Linati ming'alu itatu yakumbuyo inadza pambuyo pa penti womaliza, ikukulabe, ndipo chifukwa chake ndi kutitimira kwa maziko pakona pamene dothi linagumukira m'dzenje. Za ming'alu iwiri imene mmisiri anatseka, linati injiniya sangathe kunenapo kanthu. A Kukua atauzidwa anangoti, "Ndinalipira nyumba yonse, andipatsa theka."

Tsiku la umboni wa injiniya, a Essilfie anakhala kumbuyo kwa loya wawo ndi mafayilo pa miyendo, monga anachitira pa milandu mazanamazana. Loya wa a Tandoh anaimirira modekha, natulutsa chithunzi chachikulu. Chinali cha maliro a mwamuna wa a Kukua, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, patsiku limene banja linasonkhananso pothetsa maliro. Kumbuyo kwa anthu, chipsera cha simenti chinkaoneka bwinobwino pazenera la khitchini, penti wobiriwira atalephera kuchibisa.

"Mayi, mukuona chiyani pakhomapo?"

"Mng'alu womatidwa. Mu lipoti langa ndi wa nambala 4."

"Chithunzichi n'cha zaka zambiri kasitomala wanga asanakumbe. Ndikukuuzani kuti amene anakutumani sanakuuzeni zimenezi."

"Anandiuza. Zili mu ndime yachisanu ndi chimodzi ya kalata yawo, ndipo chithunzi cha maliro omwewo chili m'gulu la zimene ananditumizira."

Woweruza anatsegula kumapeto kwa lipoti nawerenga ndimeyo mwakachetechete. Loyayo sanagonje msanga, ndipo sanayenere kutero. Anafunsa ngati nyumba yong'aluka pamalo amodzi singakhale yofooka ponseponse, ngati mvula yokha singatitimize maziko, ngati penti angatchule tsiku. Mayi Agbenyega anavomera kuti penti satchula tsiku, amangonena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Anavomeranso kuti za khoma la kutsogolo sakudziwa. Pa ming'alu itatu ija sanasunthe, ndipo kuvomera kwake pa zinazo kunalimbitsa kukana kwake pa izi. Mafunso anatha pasanathe ola.

Mlanduwo sunafike pa chigamulo. Patatha milungu iwiri maloya anagwirizana, ndipo khoti linavomereza mgwirizanowo: a Tandoh amange khoma lotchinjiriza dothi, alimbitse maziko a pakona ndi kumanganso zipinda ziwiri zakumbuyo, mayi Agbenyega akuyang'anira. Khitchini ndi khoma la kutsogolo zinatsala kwa eni nyumba.

Anthu ena ku Ketan amanenabe kuti a Essilfie anataya theka la mlandu wa mlongo wawo chifukwa cha ulemu wa mu ofesi. Amene amatero sanafunsepo chimene chikanachitika chithunzi chija chikanapeza injiniya wosadziwa kanthu. Koma a Essilfie sakangana nawo, ndipo a Kukua sanavomerepo pagulu kuti mlongo wawo anachita bwino.

A Kukua analowanso m'zipinda zawo mvula yotsatira isanayambe. Loweruka la sabata yomweyo anaitanitsa mlongo wawo, nawapeza ataima pabwalo akuyang'ana makoma atsopano. A Kukua anatsegula ndi kutseka chitseko kawiri kuti mlongo wawo amve mmene chikugwirira.

"Chikutsekeka," anatero a Essilfie.

"Ndili ndi maso. Tiye kuno." Anawatsogolera kukhitchini n'kuloza pamwamba pa zenera. "Mayi wako wa ku Takoradi akuti apa pakufunika mtanda wa konkire. Tandoh sakhudzapo, chifukwa iwe unamuchotsera ndi kalata yako. Ndiye apa ndi pako."

"Ndamva, achemwali."

"Usangomva. Mmisiri akubwera Loweruka likudzali, ndipo akufuna womunyamulira mchenga. Ubwere ndi malaya ena, oyerawa adzada."

A Essilfie anayeza zeneralo ndi dzanja, nalemba muyeso wake pa kapepala. Mlongo wawo anali atapita kale kukhonde lakumbuyo kukasonkha moto, ndipo ali komweko anafunsa ngati adya pompo kapena awakulungire.